Dizaina, pansi pa chithunzicho lembapo mtengo

Madzulo ena mnyamata amene ndimamuthandizako pa ntchito yojambula pakompyuta anandipeza ku Area 47 foni ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Anati, "Akulu, taonani apa, mwina inu muona chimene chikulakwika." Anali ataika pa Facebook lebulo ya botolo la chiponde imene anajambulira mayi wina wa ku Area 25. Ntchitoyo inali yabwino ndithu, palibe akanaitsutsa. Dzina la chiponde linali lalikulu, mtedza wojambulidwa bwino, mitundu itatu yokha yosapokosera m'maso. Malayiki anali atadutsa 300. Makomenti anali mbwee: "Ndiwe dolo," "Zakupsa izi," "Pitiriza mwana wa kwathu," ndi tizithunzi ta moto tosawerengeka. Panali patatha masabata awiri, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti lebulo yotere ndi ndalama zingati. Mwezi unali kutha, mwini nyumba anali atayamba kale kuimba.

Ndinamupempha kuti andiwerengere mawu amene analemba pansi pa chithunzicho. Anali a Chingerezi, mizere iwiri: ntchito yatsopano ya kasitomala wanga, ndapanga ndi Adobe Illustrator, mukuiona bwanji? Kenako mahashitagi mulu. Tinatsegula mndandanda wa amene analayika, n'kuyamba kutsika nawo mmodzimmodzi. Ambiri anali madizaina anzake, anzake a kusukulu, achibale, ndi anzake a kutchalitchi. Wopanga chiponde, uchi, tsabola kapena sopo tinamusowa.

Ine ndikuti mawu amene analembawo anagwira ntchito yake bwinobwino. Anafunsa anthu kuti akuiona bwanji, anthu anamuuza mmene akuionera. Anatchula pulogalamu imene anagwiritsa ntchito, ndiye anabwera anthu odziwa pulogalamuyo. Mayi wopanga chiponde ku Kawale sadziwa kuti Illustrator n'chiyani ndipo alibe nayo ntchito. Ataona chithunzicho amaganiza kuti ndi anyamata akuonetsana luso, amadutsa. Chimene ndikufuna kutsutsa m'ndemanga ino ndi chizolowezi chathu ife ojambula cholemba mawu apansi pa ntchito yathu ngati tikulankhula ndi ojambula anzathu, makamaka chizolowezi chobisa mtengo. Mawu amenewa alembedwe kwa munthu mmodzi yekha, amene ali ndi vuto pa bizinesi yake ndi ndalama pang'ono m'foni, ndipo amuuze zimene akanafunsa akanakhala kuti wakhala nanu pa benchi limodzi.

Taganizirani mayi wa ku Area 25 uja asanakumane ndi mnyamatayu. Amakazinga mtedza, kupititsa kuchigayo, kuthira m'mabotolo. Wayenda nawo m'mashopu, mwini shopu watenga botolo, walitembenuza, wanena kuti, "Mayi, chiponde chanu n'chabwino, koma lebulo iyi ayi. Deti ili pati?" Usiku akuyendayenda pa Facebook, m'mutu mwake mulibe mawu akuti dizaini. Muli mwini shopu uja ndi mabotolo amene abwerera kunyumba. Mzere woyamba wa mawu anu ukatchula zimenezo, chala chake chimaima.

Ndipo mzere woyambawo ndi umene uli ndi mphamvu zonse, chifukwa otsalawo sawoneka. Pafoni Facebook imaonetsa mizere yochepa yokha kenako n'kulemba See more, ndipo Instagram imadula pakatha zilembo pafupifupi 125. Amene sanakopeke ndi zoyambirirazo sadina kuti aone zotsala. Choncho kuyamba ndi moni wautali, kapena kuthokoza Mulungu ndi kasitomala chifukwa cha mwayi, n'kutaya malo okhawo amene muli nawo. Kuthokoza n'kwabwino ndipo ine ndimathokoza, koma kukhale kumapeto.

Tinakhala pansi usiku womwewo n'kulembanso. Chithunzi tinasinthanso, ndinena za icho pambuyo pake. Mawu amene tinagwirizana anali awa:

"Mumapanga chiponde, uchi kapena tsabola wa m'botolo, koma eni mashopu akubweza katundu wanu chifukwa cha lebulo? Mayi wina wa ku Area 25 anali ndi vuto lomweli. Lebulo yawo yakale inali ya pepala wamba, inkanyowa ndi mafuta, ndipo panalibe polemba tsiku lothera mphamvu. Ndinawajambulira yozungulira botolo la magalamu 400: dzina lowerengeka munthu ali chapatali, zosakaniza, kulemera kwake, malo odindapo deti, ndi nambala yawo ya foni. Pano chiponde chawo chalandiridwa m'mashopu awiri a m'dera lawo. Kujambula lebulo yotere kumayambira K60,000 mwezi uno, kusindikiza n'kwapadera. Imatenga masiku 5, mumakonzetsa kawiri, ndipo mumalandira PDF yopita nayo kosindikiza ndi PNG yotsatsira pa WhatsApp. Timayamba mukapereka theka pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Tumizani chithunzi cha botolo lanu pa WhatsApp, ndikuuzani lero lomwe zofunika kusintha."

Onani kuti m'mawu onsewa mulibe pamene mnyamatayu akudzitama kuti ndi waluso. Luso likuoneka pachithunzi, malonda ndi m'maso. Mawuwa akugwira ntchito imene chithunzi sichingathe. Chithunzi sichinganene kuti lebulo yakale inkanyowa ndi mafuta, koma aliyense wopanga chiponde akawerenga zimenezo amadziwa kuti wolembayo anagwirapo botolo lenileni, anaona mmene mafuta a mtedza amatsikira pakhosi pa botolo n'kudetsa pepala mpaka zilembo kufufutika. Chithunzi sichinganene chifukwa chake pali kabokosi kopanda kanthu m'munsi mwa lebulo. Mawu akunena kuti ndi podinda deti, ndipo wopanga katundu amazindikira pomwepo kuti sadzafunika kusindikiza malebulo atsopano ulendo uliwonse akapanga chiponde china. Apo waona ndalama zake zikupulumuka. Chimene chimatsegula chikwama cha kasitomala n'kuona kuti munamuganizira vuto limene iye sanakuuzeni.

Mawu akuti "mashopu awiri" tinakambirana nthawi yaitali. Mnyamatayu ankafuna kulemba kuti malonda a mayiwo akwera kwambiri. Ndinamufunsa ngati anaona buku lawo la malonda. Anati ayi. Ndiye tinaimbira mayiwo, iwo anati, "Mwanangu, zokwera sindinawerengetsere, koma mashopu awiri amene ankakana aja atenga." Tinalemba zomwezo. Ziwiri zoona zimalemera kuposa "kwambiri" wopanda mboni, ndipo Lilongwe ndi mudzi: wopanga uchi wa ku Area 49 akhoza kukhala pa banki m'khonde imodzi ndi mayi wa chiponde uja, adzawafunsa. Pa foni yomweyo tinapemphanso chilolezo choika lebulo yawo pagulu ndi kufotokoza vuto lawo lakale. Anavomera koma anati dzina lawo lisatchulidwe. Ichi musachidumphe. Pali makasitomala amene katundu wawo sanalowe pamsika ndipo safuna opikisana nawo aone lebulo isanafike pashelefu. Kuika ntchito yawo osapempha kungakupezereni malayiki n'kukutayitsani munthu amene akanabweranso kanayi.

Tsopano nkhani ya mtengo, imene ndikudziwa kuti anzanga ambiri sagwirizana nane. Mwambo wathu pa intaneti ndi wakuti munthu akafunsa mtengo timamuyankha kuti abwere ku inibokisi. Ogulitsa nsapato amatero, ogulitsa magalimoto amatero, nafenso tinatengera. Ine ndikuti kwa dizaina mwambo umenewu ndi umene ukutidyera makasitomala, ndipo chifukwa chake n'chakuti ntchito yathu ilibe mtengo umene anthu amaudziwa kale. Munthu akaona nsapato amakhala ndi chithunzithunzi cha mtengo wake chifukwa anagulapo nsapato. Mayi wa chiponde sanagulepo dizaini. Sadziwa ngati ndi K10,000 kapena K500,000. Akaona ntchito yokongola yopanda mtengo amaganiza kuti ndi za makampani akuluakulu a ku Kanengo, ndipo amachita manyazi kufunsa poopa kuti akatchulidwa ndalama imene alibe adzasowa pothawira. Anthu athu sakonda kufunsa mtengo wa chinthu kenako n'kuchoka osagula, amaona ngati achita chipongwe. Choncho ntchito ikakongola kwambiri, mantha a wogula wamng'ono amakulanso. Mtengo wolembedwa umachotsa manyazi amenewo. Amene angakwanitse amabwera ali wokonzeka, amene sangakwanitse lero amadziwa chimene akusungira ndalama.

Anzanga amati mukalemba mtengo, dizaina wina adzaona n'kutsitsa wake kuti akulandeni kasitomala. N'zoona, zimachitika. Koma amene akufuna kudziwa mtengo wanu amaudziwa kale: amangokutumizirani uthenga pa nambala ya mlongo wake ngati kasitomala. Kubisa mtengo sikubisira wopikisana nanu, kumangobisira wogula. Komanso kasitomala amene angakusiyeni chifukwa cha kusiyana kwa K5,000 ndi yemwe uja amakonzetsa kakhumi n'kumalipira zotsala patatha miyezi itatu. Chimene chimakutetezani kwa wotsitsa mtengo ndi mizere inayo, yonena za mafuta, za deti, za PDF yokonzeka kusindikizidwa. Wongotchipitsa alibe zoterozo zoti alembe.

Ena amati ntchito iliyonse ndi yosiyana, sungaike mtengo umodzi. Ichi n'chomveka, ndipo n'chifukwa chake tinalemba kuti "kumayambira", ndiponso tinamangirira mtengowo ku chinthu chimodzi chooneka: lebulo imodzi, botolo limodzi, kukonza kawiri. Sitinalembe mtengo wa dizaini yonse ya padziko. Munthu akabwera ndi mabotolo a misinkhu itatu ndi logo yomwe, amadziwa yekha kuti ndalama ikwera. Koma "kumayambira" asakhale nyambo. Ngati palibe ntchito imene mungavomere pa K60,000, musalembe K60,000, chifukwa woyamba kubwera n'kuuzidwa zina amachoka akuona kuti mwamunamiza, ndipo akauza anzake.

Chodandaula chachitatu ndi chimene ndimachilemekeza kwambiri: kwacha sakhazikika. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya mapepala, inki ndi chilichonse chochokera kunja n'kudumpha. Mtengo umene mwalemba lero umakhalabe pa intaneti chaka chamawa, wina adzaujambula n'kubwera nawo. Yankho lake ndi mawu awiri aja, "mwezi uno", ndi kulekanitsa kujambula ndi kusindikiza. Zimene zimadumpha msanga ndi za kosindikiza, ndipo zimenezo si zanu. Mukaziphatikiza mu mtengo umodzi, tsiku limene wosindikiza wakweza sitika ndinu amene mulipire kusiyanako kuchokera m'thumba mwanu. Ine zinandichitikira pa mabana a ukwati wina: ndinatchula mtengo wa zonse pamodzi, pofika tsiku losindikiza zinthu zinali zitakwera, ndinagwira ntchito ya sabata yathunthu n'kutsala ndi ya minibasi yokha.

K60,000 uja musamukopere, ndi wa mnyamatayo ndiponso wa nthawi imeneyo. Mmene tinamupezera ndi mmene mungapezere wanu. Ngakhale timalemba masiku 5, nthawi yeniyeni imene amakhala pa lebulo imodzi ndi maola ngati 10 mukaphatikiza kukambirana ndi kasitomala, kuyeza botolo ndi tepi, kujambula, kukonza kawiri ndi ulendo wopita kosindikiza kukaona yoyeserera. Tinaonjezapo bandulo, mayuniti a magetsi ndi thiransipoti. Kenako tinafunsa kuti pamwezi amapeza ntchito zingati zotere, chifukwa lendi imalipiridwa ndi masiku onse 30, ngakhale amene palibe kasitomala. Nambala imene inatuluka ndi yomwe pansi pake sangatsike. Dizaina amene sanachitepo masamu amenewa ndi amene amaopa kulemba mtengo, chifukwa iye mwini saudziwa, amangoyang'ana nsapato za kasitomala n'kutchula.

Mawu akuti "mumakonzetsa kawiri" ndi "theka" akuoneka ngati ouma kwa ena. Mnyamatayu ankaopa kuti athamangitsa anthu. Ine ndaona kuti munthu wa bizinesi amawakonda, chifukwa iyenso amagulitsa ndipo amadziwa kupweteka kwa ngongole. Amene amathawa akawerenga za dipoziti ndi uja amabwera ndi mawu akuti, "Aise, tangondipangira kaye, ndikakonda ndilipira," kapena wachibale amene amati mudzatchuka kudzera mwa iye. Kulemba malamulo anu pagulu kumakupulumutsani ku manyazi okana munthu pamaso. Mumangoti, "Achimwene, ndi mmene ndinalembera paja, aliyense amayamba ndi theka."

Za PDF ndi PNG tinazitchula mwadala ngakhale kasitomala sangadziwe tanthauzo lake lonse, koma tinaika pambali pake ntchito ya chilichonse. Zina zonse zaukatswiri tinazisiya kunja. Kuti fayiloyo ili mu CMYK kuti mitundu isasinthe kwambiri ikachoka pakompyuta kupita papepala, kuti ili ndi mamilimita 3 oonjezera m'mbali kuti podula pasatsale mzere woyera, kuti zithunzi zake ndi za 300 dpi, zonsezi ndi udindo wanu ndipo muzichite, koma m'mawu apansi pa chithunzi zimangokwana m'mawu atatu: yopita nayo kosindikiza. Amene anabwezedwapo ndi wosindikiza chifukwa anapita ndi kachithunzi kophwanyika ka pa WhatsApp amamva bwino lomwe chimene mawu atatuwo akulonjeza.

Pa mapeto pa mawuwo tinapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo chinthu chopepuka. Ambiri timalemba kuti layikani, gawanani ndi ena, tsatirani tsamba, imbani, tumizani imelo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: munthu wopatsidwa njira zisanu amasankha yosavuta, imene ndi kulayika, n'kupitirira. Komanso "tiimbireni" ndi katundu wolemera kwa munthu amene sadziwa kuti akaimba ayambe ndi mawu ati. "Tumizani chithunzi cha botolo lanu" n'chinthu chimene angachite ali kukhitchini botolo lili pathebulo. Chithunzicho chikafika, kukambirana kwayamba kale pa katundu wake, ndipo inu mwaona kukula kwa ntchito musanatchule ndalama.

Kuti asavutike kusunga nambala, ikani linki yotsegula WhatsApp mwachindunji. Nambala imalembedwa kuyamba ndi 265, popanda ziro woyambirira, popanda chizindikiro cha kuphatikiza ndi mipata:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Lebulo
```

Mawu ali kumapetowo amakhala atalembedwa kale m'bokosi la uthenga munthu akadina, ndiye uthenga ukafika ndi mawu akuti Lebulo mumadziwa kuti wachokera pa chithunzi chiti. Pa chithunzi cha positala musinthe mawuwo. Pa Facebook linkiyi imadinika m'mawu momwemo. Pa Instagram linki ya m'mawu apansi pa chithunzi sidinika, choncho iikeni pa tsamba lanu loyamba ndipo m'mawumo mulembe nambala yeniyeni. Ndipo ngati mwalonjeza kuyankha lero lomwe, yankhani lero lomwe. Munthu amene walimba mtima kutumiza chithunzi cha botolo lake akakhala masiku awiri osayankhidwa sabwereranso.

Chilankhulo nachonso ndi gawo la nkhaniyi. Mnyamatayu ankalemba Chingerezi chifukwa amati chimaoneka chapamwamba. Funso langa kwa iye linali lakuti mayi wa chiponde uja anakambirana naye m'chilankhulo chanji. Anati Chichewa, kuyambira moni mpaka kulipira. Ngati ndalama zanu zimachokera kwa opanga zakudya, eni saluni, masukulu a mkaka, makomiti a ukwati ndi matchalitchi, lembani mmene iwo amalankhulira za malonda awo. Chingerezi chili ndi malo ake, ndifikapo.

Chithunzi chija tinasintha motere. Choyamba chinali botolo lopangidwa pakompyuta, loyandama pamalo oyera, lonyezimira ngati la kunja. Ojambula anzathu amakonda zotere, koma wogula amakayika ngati zingatheke pa botolo lake la pulasitiki logula mu Old Town. Tinapita kwa mayiwo m'mawa, tinaika mabotolo awiri pakhonde pamene pali kuwala kwa dzuwa kosawomba mwachindunji, lakale ndi latsopano, n'kujambula ndi foni. Lakale lija linali ndi banga la mafuta pakati pa dzina. Mawu ndi chithunzi zinayamba kunena nkhani imodzi.

Zotsatira zake: malayiki sanafike 50. Madizaina anzake ambiri anangodutsa, mmodzi analemba kuti mtengowo watsika kwambiri, wina kuti wakwera kwambiri. Koma m'sabata imeneyo pa WhatsApp panafika zithunzi za mabotolo zisanu ndi chimodzi. Awiri anapereka dipoziti, wina wa uchi wochokera cha ku Mitundu ndi wina wa tsabola. Mmodzi anati abwera akagulitsa soya. Enawo anazimiririka atamva za kusindikiza. Ndi nkhani ya munthu mmodzi, sindikulonjeza kuti aliyense aona zomwezo, koma ikusonyeza chimene muyenera kuwerenga. Tengani kope, lembani chithunzi chilichonse chimene mwaika, mauthenga angati anabwera, angati analipira. Malayiki musawalembe n'komwe.

Mauthengawo amakuuzaninso pamene mawu anu akudontha. Ngati onse akuyamba ndi "zingati?", mtengo sunaoneke, mwina uli pansi kwambiri. Ngati akubwera ambiri koma onse akuthawa pa dipoziti, mzere woyamba ukuitana anthu olakwika, kapena mwalonjeza zambiri zaulere. Ngati akufunsa kuti kodi mumapanganso malebulo pamene chithunzicho ndi cha lebulo, ndiye kuti mawu anu sananene kuti ntchitoyi ikugulitsidwa, anthu akuona ngati chionetsero. Ngati kuli zii, funsani kuti chithunzicho chafika kwa ndani. Tsamba lodzaza ndi madizaina anzanu silingakupatseni opanga chiponde ngakhale mawu atakoma chotani. Mawu omwewo muwaike pa sitetasi ya WhatsApp, mupemphe kasitomala wokhutira kuti awatumize ku gulu lake la amayi a bizinesi, muwaike m'magulu a malonda a m'dera lanu. Mmodzi wa awiri analipira aja sanaone pa Facebook, anatumiziridwa ndi mayi wa chiponde yemwe uja.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena poyera. Njira iyi ndi ya ntchito zazing'ono ndi zapakati, zimene mwini bizinesi amasankha yekha n'kulipira pafoni. Mabungwe a ku City Centre sagula choncho. Kumeneko kawirikawiri amafuna makotesheni angapo, satifiketi yolembetsera bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ndipo amene waona chithunzi chanu si amene amasainira cheke. Ngati mukusaka amenewo, lembani Chingerezi, onetsani lipoti kapena kabuku kamene munakonza, nenani masamba angati ndi masiku angati, ndipo m'malo mwa mtengo nenani kuti bizinesi yanu ndi yolembetsedwa ndipo mumapereka kotesheni. Musasakanize anthu awiriwa m'mawu amodzi, aliyense adzaona ngati mukulankhula ndi mnzakeyo.

Malire ena ndi pa zimene mukulonjeza. Pa lebulo ya chakudya, musalembe kuti lebulo yanu ipangitsa katundu kuvomerezedwa ndi Malawi Bureau of Standards. Bungweli limaona katundu yemwe ndi malo opangira, si pepala lokha, ndipo chizindikiro chake sichiikidwa pa lebulo ya munthu amene sanapatsidwe chilolezo, ngakhale kasitomala atakuchondererani kuti mungochiika pakona. Chimene mungalonjeze ndi chimene chili m'manja mwanu: kuti dzina, zosakaniza, kulemera, deti ndi adiresi ya wopanga zili ndi malo ake ndipo zikuwerengeka.

Sindikunena kuti kuyamikiridwa ndi anzathu n'kopanda pake. Ntchito yathu ndi ya munthu yekha pa laputopu usiku, ndipo mawu abwino a mnzako wodziwa ntchito amalimbitsa mtima. Nthawi zina dizaina mnzako akachulukidwa amakupatsirako kasitomala chifukwa anaona luso lako. Ikani ntchito zoterozo, pa Behance kapena m'magulu a ojambula, ndipo kumeneko kambani za mafonti ndi mitundu mmene mungafunire. Chimene ndikukana n'kutenga mawu a kumeneko n'kuwaika pamene mukuyembekezera kuti padutse wogula, kenako n'kumadandaula kuti Amalawi salemekeza dizaini. Mayi wa uchi wa ku Mitundu uja anauza mnyamatayu kuti anakhala chaka chathunthu akufuna lebulo yabwino, ndipo ankaona ntchito za ojambula ambiri pafoni. Anati, "Achimwene, ndinkangoona ngati si za ife. Inu ndinu oyamba kulemba kuti ndi zingati."

Sabata yatha mnyamatayu ananditumizira mawu ena kuti ndiwaone asanaike. Anali a positala ya sukulu ya mkaka ya ku Area 36. Mzere woyamba unkafunsa eni masukulu ngati makolo akudutsa pageti osadziwa kuti kulembetsa kwayamba. Anatchula kukula kwa pepala, A3, masiku atatu, ndi mtengo woyambira. Ndinangomuuza kuti achotse mahashitagi asanu ndi atatu amene anali atabwereranso m'munsi, asiye awiri, ndipo aimbire kaye mwini sukuluyo kupempha chilolezo.